Mmene tinagulira nyumba ku Area 49: kuchokera pa kalata ya ofa mpaka dzina lathu kulowa m'kaundula

Tsiku limene tinakaona nyumbayo koyamba, mu Sepitembala 2023, ndinatsala pang'ono kupereka ndalama pompo. Inali ya zipinda zogona zitatu, ya mpanda wa njerwa, kuseli kuli mtengo wa mapeyala ndi kamalo kolima ndiwo zamasamba. Tinali titakhala pa lendi zaka 19 mu Lilongwe muno, ndipo amuna anga anali atangolandira ndalama zawo zopumira pantchito. Titaphatikiza ndi zimene ndinasunga pa bizinesi yanga ya zitenje komanso za puloti imene tinagulitsa, tinali ndi ndalama zogulira nyumba imodzi basi. Zikanatayika, kunalibenso kwina kokatapa.

Ejenti amene anatiperekeza anaona kuti mtima wanga wagwa. Anati: "Mayi, pali anthu awiri akuifunanso. Mukangoponya kenakake lero, ndiwauza kuti yapita." Amuna anga anandigwira pamkono n'kunena chapansipansi kuti tiyambe takagona. Usiku umenewo tinagwirizana kuti tipeze loya tisanatulutse ngakhale tambala. Kuchokera tsiku limenelo mpaka pamene dzina lathu linalowa m'kaundula wa malo panadutsa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndifotokoza zimene zinachitika mwa ndondomeko yake, pamodzi ndi ndalama zimene zinatuluka.

Mawu oyamba a loya wathu, mayi wodekha amene wakhala pa ntchitoyi zaka zambiri, ndimawakumbukirabe. Anati: "Nyumba ya taitolo imakhala yanu tsiku limene dzina lanu lalembedwa m'kaundula wa boma. Mutha kulipira zonse, kulandira makiyi, kugonamo chaka chathunthu, koma ngati m'kaundula muli dzina la wina, lamulo likudziwa iyeyo. Ndiye ndalama zanu ziziyenda limodzi ndi mapepala. Pepala likasuntha, ndalama isunthe. Pepala likaima, ndalama iime."

Kalata ya ofa

Mwini nyumba ankafuna K58 miliyoni. Ife tinanena K46 miliyoni, ndipo titakokanakokana kwa sabata tinakumana pa K50 miliyoni. Ine ndinkaona ngati zatha, popeza tinagwirana chanza pamaso pa ejenti. A loya anati zapakamwa zimauluka, tilembe kalata.

Kalatayo inali ya tsamba limodzi. Inatchula nambala ya puloti, nambala ya taitolo, mtengo wa K50 miliyoni, ndi masiku 14 oti mwini nyumba ayankhe molemba. Inalinso ndi chiganizo chimodzi chimene ine pandekha sindikanachiganizira: kuti ofayo idzagwira ntchito pokhapokha zofufuza za ku kaundula zikatuluka bwino, ndiponso tonse tikasaina mgwirizano wathunthu. Chiganizo chimenechi chimapatsa wogula khomo lotulukira akapeza vuto. Popanda icho, wogulitsa akavomera ofa yanu atha kunena kuti mwamangika kale.

Mwini nyumba anayankha molemba patatha masiku anayi. Mpaka apa tinali tisanapereke ndalama kwa iye kapena kwa ejenti. Tinangomupempha fotokope ya satifiketi ya nyumbayo ndi ya chiphaso chake cha unzika. Anatipatsa mosavuta. Titapempha kuona satifiketi yeniyeniyo, anati ili kwa mchimwene wake ku Blantyre, ibwera. A loya atamva zimenezi anangoti: "Chabwino, tikamva ku kaundula."

Sechi ya ku kaundula

Malo ambiri a m'mizinda yathu analembedwa pansi pa lamulo la kalembera wa malo la 1967. Puloti iliyonse yolembedwa motere ili ndi tsamba lake m'kaundula wa Unduna wa za Malo, ndipo ili ndi nambala ya taitolo, imene kuno ku Lilongwe imayamba ndi dzina la dera, monga Bwaila kapena Alimaunde. Munthu aliyense angathe kupempha kuti amuonere zimene zalembedwa pa tsambalo. Amadzaza fomu, kulipira kandalama kochepa, n'kulandira pepala lodindidwa. Ndi imene anthu amaitcha sechi.

A loya anandiphunzitsa kuwerenga pepalalo, ndipo lili ndi magawo atatu. Gawo loyamba limafotokoza malowo: ali kuti, ndi aakulu bwanji, ndipo ngati ndi a lizi, mwini nthaka ndani komanso liziyo ndi ya zaka zingati. Yathuyi inali lizi ya boma ya zaka 99 kuyambira 1998, kutanthauza kuti zinatsala zaka 74. Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti tikugula nyumba pamodzi ndi zaka zotsala za lizi, ndipo chaka ndi chaka tizilipira lendi ya nthaka ku boma. Gawo lachiwiri limatchula mwini wake. Dzina linali lomwelo la pa chiphaso cha bambo aja, chilembo ndi chilembo, ndipo analipo okha. Gawo lachitatu limaonetsa zomangika pa malowo, monga ngongole.

M'gawo lachitatu ndi mmene munali nkhani. Nyumbayo inali chikole cha ngongole ku banki ina kuyambira 2021. Satifiketi yeniyeni ija sinali kwa mchimwene aliyense, inali m'kabati ya banki. A loya anati nthawi zambiri wogulitsa akamangoonetsa fotokope, n'kumazemba kuonetsa pepala lenileni, ndiye kuti pepalalo lili ndi wina amene akumudai ndalama.

Ine mtima unangoti myuu. Ndinati tiisiye basi. A loya anati: "Ayi mayi, nyumba yokhala ndi ngongole imagulika. Choopsa n'kuigula osadziwa. Mukanapereka K50 miliyoni m'manja mwa bambowa, iwo osakabweza ngongole, banki ikanakhala ndi mphamvu yogulitsa nyumbayo inu muli momwemo, chifukwa chikole chimatsata nyumba, sichitsata munthu. Pano tadziwa, ndiye banki tiilipira ife tokha kuchokera pa mtengo womwewo."

Titawafunsa bambo aja, anavomera mwamanyazi. Anati ngongoleyo ndi imene ikuwagulitsitsa nyumba. Tinawapempha akatenge kalata ku banki yonena ndalama zotsala, ndipo kalatayo inati K11.4 miliyoni, chiwongoladzanja chikuwonjezekera mwezi ndi mwezi.

Sechi inatipulumutsanso pa nyumba ina imene tinaiona poyamba ku Area 25. Kumeneko amene ankagulitsa anali mwana woyamba wa m'banjamo, koma m'kaundula munali dzina la malemu bambo ake. Munthu wotere sangasaine kusintha umwini pokhapokha akhale ndi kalata za khoti zomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Iye analibe, ndipo tinamva kuti alongo ake awiri sankadziwa n'komwe kuti nyumba ikugulitsidwa. Tinabwerera pomwepo.

Kuona ndi maso

Pepala la sechi limanena za puloti ya nambala yakutiyakuti, koma silikuuzani ngati nyumba imene mwaionayo yakhaladi pa puloti imeneyo. Tinalemba saveya kuti akapeze mabikoni, timiyala ta simenti tija timene timakhala m'makona a puloti, n'kufananitsa ndi mapu a taitolo. Atatu anawapeza msanga. Wachinayi anali atakwiririka pansi pa mulu wa zinyalala, koma atafukula anapezeka pamalo pake, ndipo mpanda sunalowe kwa neba kapena mumsewu. Tinalipira K180,000.

Tinaitananso katswiri wowerengera mtengo wa nyumba. Anakwera kudenga, anagogoda zipupa, anayang'ana thanki ya chimbudzi, n'kulemba lipoti loti nyumbayo ndi ya K52 miliyoni, koma malata a mbali ya kukhitchini afunika kusintha. Lipotilo linatidya K250,000. Linatikhazika mtima pansi kuti sitikubetsa, komanso linadzagwira ntchito kutsogolo pa nkhani ya msonkho.

Chinthu china sichinafune ndalama. Ndinapita ndekha masana ena, ndinagula tomato pa benchi ya pafupi, n'kucheza ndi amayi a pamenepo. Ndinafunsa kuti nyumba iyi ndi ya ndani, mukukhala ndani, munamvapo mkangano? Anandiuza kuti eni ake ndi bambo omwewo, akazi awo ali moyo, ndipo m'nyumba ya kuseli mukukhala mnyamata wa lendi. Za mnyamatayu ejenti sanatiuze. Safunsa anadya phula.

Mgwirizano wogulitsana

Pakati pa Okutobala tinakhala pansi mu ofesi ya a loya athu: ife awiri, mwini nyumba ndi akazi awo, ndi loya wawo. Mgwirizano unali wa masamba asanu ndi limodzi, ndipo tinauwerenga mokweza ndime ndi ndime. Nditchulapo zinayi zimene zinadzatithandiza.

Choyamba chinali cha dipoziti. Tinagwirizana K5 miliyoni, yomwe ndi 10 peresenti ya mtengo. Bambo aja ankafuna ilowe mu akaunti yawo. A loya anakana, nati ikhale mu akaunti ya ofesi ya maloya imene amasungiramo ndalama za makasitomala, ndipo isatuluke mpaka tsiku lomaliza. Zikalephereka chifukwa cha wogulitsa, dipoziti ibwerere kwa ife yonse. Zikalephereka chifukwa cha ife, iwo atengepo gawo limene tinalemba. Dipoziti ikalowa m'thumba la wogulitsa imakalipira fizi ndi mangawa ena sabata yomweyo, ndipo kuti mudzaitolere pamafunika khoti.

Chachiwiri chinali cha ngongole ya banki. Tinalemba kuti pa tsiku lomaliza ndalama zoyamba kutuluka zidzapita ku banki mwachindunji, ndipo banki idzapereka satifiketi yeniyeni ndi pepala lomasula chikole kwa a loya athu. A loya analembera bankiyo, nayo inayankha molemba kuti idzatero ikalandira ndalama zake.

Chachitatu chinali cha amene alipire chiyani. Mangawa onse a nyumbayo mpaka tsiku lotipatsa makiyi, kaya ndi msonkho wa khonsolo, lendi ya nthaka kapena bilu ya madzi, anali a wogulitsa, pamodzi ndi komishoni ya ejenti. Msonkho wa sitampu, zolipira ku kaundula ndi loya wathu zinali zathu.

Chachinayi chinali cha nthawi ndi anthu okhalamo. Tinapatsana masiku 120 kuti mapepala onse akhale atatheka, ndipo nyumba idzaperekedwe yopanda munthu, kuphatikizapo mnyamata wa kuseli uja, amene anayenera kupatsidwa notisi yake moyenera. Akazi a bambo aja anasainanso kuti akudziwa ndipo akuvomereza, ngakhale dzina lawo silinali pa taitolo. A loya anati nyumba imene banja lakhalamo zaka zambiri mkazi amatha kudzanena kuti ali ndi gawo lake, ndiye kuli bwino amve lero, asainire lero.

Tsiku lotsatira a loya anakalembetsa chenjezo ku kaundula. Limeneli ndi pepala lonena kuti ife tili ndi chidwi pa malowa chifukwa cha mgwirizano, choncho pasalembedwe kugulitsa kwina kapena ngongole ina ife osadziwa. Limatseka njira ya wogulitsa amene angafune kugulitsa nyumba imodzi kwa anthu awiri. Koma anatichenjeza kuti silifafaniza zimene zinalembedwa kale: chikole cha banki chinali patsogolo pathu, ndipo chinakhalabe patsogolo mpaka titachilipira.

Kwacha itagwa

Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mitengo ya simenti, malata ndi china chilichonse inalumpha. Pasanathe sabata foni inalira. Anali bambo aja. Anati: "Mayi, mwaona nokha mmene zinthu zasinthira. K50 miliyoni ija pano si ndalama. Muwonjezere K12 miliyoni, apo ayi ndikubwezerani dipoziti yanu, pali wina akufuna."

Usiku umenewo sindinagone. Ndalama yowonjezera tinalibe, ndipo tikanabwezeredwa yathuyo sikanagulanso nyumba ngati imeneyo. Kunena zoona, bambowo ndinkawamvetsa, chifukwa nawonso ndalama yawo inali itasungunuka ali chikhalire. Koma ifenso yathu inasungunuka chimodzimodzi.

M'mawa a loya anatulutsa mgwirizano n'kutisonyeza kuti mtengo unalembedwa m'makwacha, popanda ndime yolola kuusintha. Analembera loya wa bambo aja kuwakumbutsa zinthu ziwiri: kuti wogula amene wasunga mbali yake atha kupempha khoti kuti likakamize wogulitsa kumaliza malonda, ndiponso kuti pa taitolo pali chenjezo, kotero wogula wina aliyense akakachita sechi adzaliona. Patatha masiku khumi bambo aja anaimbanso, mawu atatsika, nati tipitirize. Ifenso tinawachitira chifundo pa chimodzi: tinawalola kukhalamo milungu itatu yowonjezera osalipira, kuti apeze kolowera.

Ndimaganiza nthawi zina kuti tikanakhala kuti tinangogwirana chanza, n'kupereka dipoziti pamanja monga ankafunira ejenti, nkhaniyi ikanathera pa foni imeneyo.

Mapepala atatu oyembekezera

Miyezi ya Disembala ndi Januwale inali yodikira. Kaundula salemba dzina latsopano popanda mapepala ena ochokera kumaofesi osiyanasiyana, ndipo lililonse limadalira linzake.

Loyamba ndi la ku khonsolo ya mzinda, lotsimikiza kuti nyumbayo ilibe ngongole ya msonkho wa malo. Bambo aja anali asanalipire zaka zingapo, ndipo ngongole inakwana K640,000. Lendi ya nthaka nayo inali itatsalira ndi K90,000. Iwo analibe ndalama pamanja, choncho tinagwirizana molemba kuti a loya alipire K730,000 imeneyi kuchokera pa dipoziti ija, idzachotsedwe pa ndalama zawo. Malisiti onse anasungidwa m'failo.

Lachiwiri ndi chilolezo cha mwini nthaka, chimene ambiri amangoti konsenti. Popeza nyumbayo ili pa lizi ya boma, wogulitsa sangapereke liziyo kwa munthu wina popanda Unduna wa za Malo kuvomera. Ikanakhala pa malo a bungwe la nyumba la MHC kapena a khonsolo, chilolezo chikanachokera kumeneko. N'chifukwa chake gawo loyamba la sechi lija ndi lofunika: limakuuzani khomo loti mukagogode. Amene amapempha ndi wogulitsa, ndipo mangawa a lendi ya nthaka amayenera kukhala atathetsedwa.

Lachitatu ndi satifiketi ya ku MRA yotsimikiza kuti nkhani za msonkho pa malondawa zili bwino. Apa ejenti anabwera ndi nzeru ina. Anati tilembe pa mapepala kuti nyumba tagulitsana K30 miliyoni, msonkho uchepe, zinazo tipatsane pambali. A loya anakaniratu. Anati kumeneko ndi kuphwanya lamulo, ndipo a msonkho amayang'ananso mtengo weniweni wa nyumba, sangotengera zimene mwalemba. Anawonjezera mfundo ina imene inandigwira mtima: zinthu zikadzasokonekera, khoti lidzaona K30 miliyoni ya pa pepala, K20 miliyoni ya pambaliyo mudzaitsimikiza ndi chiyani? Tinalemba mtengo weniweni.

Pa nthawi yodikirayi ndinaphunzira kufunsa funso loyenera. M'malo mofunsa kuti "zili pati?", ndinkafunsa kuti ndi pepala liti latuluka, latsala liti, ndipo likudikira chiyani. Ndinali ndi kope limene ndinkalembamo tsiku lililonse ndi nambala ya lisiti iliyonse.

Tsiku lomaliza

Mapepala atatuwo atakwana, kumapeto kwa Febuluwale 2024, a loya anachitanso sechi ina kuti aone ngati palibe chatsopano chalowa pa taitolo. Munali chikole cha banki ndi chenjezo lathu basi. Tinatumiza K45 miliyoni yotsala ku akaunti ya maloya ija kudzera ku banki, ndipo tinaimba kaye foni kutsimikiza nambala ya akaunti tisanatumize.

Tinakumananso tonse mu ofesi. Bambo aja anasaina fomu yosamutsa lizi kuchoka m'dzina lawo kubwera m'maina athu, pamaso pa loya amene anaona ziphaso zathu n'kuchitira umboni. Ife tinasankha kuti nyumba ilembedwe m'maina a tonse awiri. A loya anatifotokozera kuti pali njira ziwiri. Mutha kukhala eni ake limodzi, kotero kuti mmodzi akamwalira nyumba yonse imatsala ndi winayo. Kapena aliyense atha kukhala ndi gawo lake, theka ndi theka mwachitsanzo, ndipo akamwalira gawo lakelo limalowa m'chuma chake cha masiye. Tinasankha yoyambayo. Amuna anga anati: "Ndikadzatsogola ine, sindikufuna wina adzakuvutitseni pa nyumba imeneyi."

Ndalama zinagawidwa motere. Ngongole ya banki inali itakwera kufika K11.8 miliyoni chifukwa cha chiwongoladzanja, ndipo inalipidwa mwachindunji. K730,000 ya khonsolo ndi lendi ya nthaka inali itatuluka kale. Yotsala, K37.47 miliyoni, inali ya bambo aja, koma sinatuluke tsiku lomwelo. Inadikira masiku asanu ndi atatu mpaka banki itabweretsa satifiketi yeniyeni ndi pepala lomasula chikole, komanso ife titayendera nyumba n'kuona kuti ndi yopanda munthu, giza ndi zitseko zili m'malo mwake. Tinajambula mita ya madzi ndi ya magetsi, tinalandira makiyi, ndipo a loya anatumiza ndalama zawo.

Abale anabwera kudzaona, mlamu wanga mpaka analuluta pakhomo. Ine ndinasangalala, koma mawu a loya aja anali m'mutu. M'kaundula munali mukadali dzina la bambo aja.

Sitampu ndi kaundula

Fomu yosamutsa umwini imayenera kulipiridwa msonkho wa sitampu isanalandiridwe ku kaundula. Pa nthawi imene tinkagula unali 1.5 peresenti ya mtengo, choncho pa K50 miliyoni tinalipira K750,000. Kenako a loya anapereka zonse pamodzi: pepala lomasula chikole, kalata yochotsa chenjezo lathu, fomu yosamutsa lizi yodindidwa, konsenti, satifiketi ya MRA, ya khonsolo, ndi satifiketi yakale ya nyumbayo. Ndondomeko yake ndi yoti chikole chifafanizidwe kaye, chenjezo lichoke, kenako dzina latsopano lilowe.

Chakumapeto kwa Malichi a loya anaimba kuti ndipite. Anandipatsa satifiketi ya lizi yatsopano, maina athu awiri ali pamenepo. Anandipatsanso pepala lina, sechi yachitatu, yoonetsa kuti m'gawo lachiwiri muli ife ndipo gawo lachitatu ndi loyera. Anati satifiketi ndi chithunzi chabe cha zimene zili m'kaundula, ndipo anthu achinyengo amatha kupanga yabodza, choncho umboni weniweni ndi sechi imene yatuluka dzina litasintha. Ndinawerenga maina athu kawiri kuona ngati alembedwa monga pa ziphaso. Chilembo chimodzi cholakwika chimadzavutitsa pogulitsa kapena potenga ngongole.

Zotsala zinali zing'onozing'ono koma zofunika: kusintha dzina ku khonsolo kuti bilu ya msonkho izibwera kwa ife, ku ESCOM, ndi ku bungwe la madzi. Konseko anafuna fotokope ya satifiketi yatsopano.

Ndalama zapamwamba pa mtengo

Anthu ambiri amasunga ndalama ya mtengo wa nyumba yokha, n'kudzadzidzimuka kumapeto. Ife pamwamba pa K50 miliyoni tinawononga K2.2 miliyoni: sitampu K750,000, loya K900,000, wowerengera mtengo K250,000, saveya K180,000, ndi pafupifupi K120,000 ya masechi, chenjezo ndi kulembetsa. Mitengo imeneyi ndi ya nthawi imeneyo ndipo pano yasintha, koma mitu yake ndi yomweyo. Malipiro a loya tinagwirizana molemba pa tsiku loyamba, ndipo anali loya wathuwathu, wosiyana ndi wa wogulitsa. Loya mmodzi akamaimira mbali zonse ziwiri, tsiku la mkangano ngati lija la Novembala amasowa kolowera.

Ndinene pano kuti njira imeneyi ndi ya nyumba yokhala ndi taitolo. Nyumba zambiri za m'makwalala athu zilibe, ndipo umboni wake umakhala m'mabuku a khonsolo kapena kwa mafumu. Kumeneko masitepe ndi ena, koma funso loyamba ndi lomwelo: buku limene limasunga dzina la mwini malo ano lili kuti, ndipo mwalembedwa ndani?

Mwezi watha mng'ono wanga anandiimbira kuti wapeza nyumba ku Zomba, ndipo wogulitsa akufuna theka la ndalama Lachisanu chifukwa akupita kunja. Ndinamufunsa ngati waona satifiketi yeniyeni. Anati waona fotokope, yeniyeniyo akuti ili kwa achibale. Ndinamuuza kuti atenge nambala ya taitolo, Lolemba m'mawa akachite sechi, ndipo ndalama ikhale kaye ku banki.